Mizere 3,000 si makasitomala 3,000: kawerengedwe ka anthu mu Excel

Mwini sitolo yogulitsa mbewu ndi feteleza akamatseka chaka, pali funso limodzi lomwe amafuna yankho lake loona: kodi chaka chino ndagulitsa kwa anthu angati? Mndandanda wa malonda uli pa kompyuta mu Excel, ndipo mizere yake yafika 3,000. Ambiri amangosuzumira nambala ya mzere womaliza n'kunena kuti makasitomala ndi amenewo. Koma mzere uliwonse ukunena za ulendo umodzi wogula, osati munthu. Mlimi yemwe anagula mbewu mu Okutobala, feteleza wokulitsa mu Novembala ndi wobereketsa mu Januwale ali m'mizere itatu, chikhalirecho iye ndi mmodzi yemweyo. Pakati pa mizereyo palinso timabokosi topanda kanthu, pomwe wogulitsa sanalembe dzina chifukwa cha chipwirikiti cha tsiku la msika. Ntchito ndiye ili pawiri: munthu aliyense awerengedwe kamodzi, ndipo timabokosi topanda kanthu tisasanduke anthu.

Tiyeni tiyesere pa kamndandanda kakang'ono kuti tizitha kutsimikiza ndi zala. Tinene kuti mayina ali mu kolamu A, kuyambira A2 mpaka A11, ndipo atsatana chonchi: Banda, Phiri, popanda kanthu, Banda, Mwale, Phiri, popanda kanthu, Banda, Tembo, Banda. Mizere ilipo 10. Mukalemba `=COUNTA(A2:A11)`, Excel iyankha 8, popeza fomula imeneyi imawerenga timabokosi tonse tolembedwamo osasamala kuti dzina labwerezedwa. Koma anthu ake ndi anayi basi: Banda, Phiri, Mwale ndi Tembo. Tikufuna fomula yoyankha 4.

Fomula yomwe imagwira mu Excel yakale ndi yatsopano yomwe ndi iyi:

```
=SUMPRODUCT((A2:A11<>"")/COUNTIF(A2:A11,A2:A11&""))
```

Poyamba imaoneka yoopsa, koma nzeru yake ndi yapafupi. Ganizani kuti kasitomala aliyense wapatsidwa mtanda umodzi wa nsima, ndipo mtandawo ugawidwe mofanana m'mizere yonse yomwe dzina lake likupezeka. `COUNTIF` ndiyo imafunsa pa mzere uliwonse kuti, "Dzina ili lilipo kangati mumndandanda monsemu?" Pa mizere ya Banda yankho ndi 4, choncho mzere uliwonse wa Banda ulandira 0.25, ndipo inayi yonse ikaphatikizidwa ibweza 1. Phiri alipo kawiri, mzere uliwonse ulandira 0.5, pamodzi 1. Mwale ndi Tembo alipo kamodzikamodzi, aliyense atenga 1 wathunthu. `SUMPRODUCT` imaphatikiza zidutswa zonsezo, n'kupeza 4. Kaya munthu anabwera kawiri kaya ka 40, zidutswa zake zibwerera ku 1.

Nanga timabokosi topanda kanthu tija? Apa m'pamene anthu ambiri amakodwa, chifukwa fomula yomwe imafala kwambiri ndi yaifupi, `=SUMPRODUCT(1/COUNTIF(A2:A11,A2:A11))`. Imeneyi imagwira bwino malinga ngati mndandanda uli wodzaza. Ikangokumana ndi kabokosi kamodzi kopanda kanthu, fomula yonse imagwa n'kuonetsa `#DIV/0!`. Chimachitika n'chakuti `COUNTIF` ikapatsidwa kabokosi kopanda kanthu kuti ikafufuze, imakatenga ngati nambala 0. Imasakasaka 0 mumndandanda wa mayina, osamupeza, n'kuyankha kuti alipo ka 0. Kenako fomula imayesa kugawa 1 ndi 0, chinthu chosatheka m'masamu.

Zigawo ziwiri zomwe zawonjezedwa mu fomula yaitali ija zili ndi ntchito zosiyana, ndipo zonse n'zofunika. Kachidutswa ka `&""` kamasandutsa chofufuzidwacho kukhala mawu opanda chilembo, kotero `COUNTIF` imapeza timabokosi tiwiri topanda kanthu n'kuyankha 2 m'malo mwa 0. Vuto logawa ndi 0 lathera pomwepo. Koma mukasiyira pamenepo, timabokosi tiwirito tilandira 0.5 kalikonse, tipanga munthu mmodzi wam'mutu, ndipo yankho likhala 5. Chigawo cha `(A2:A11<>"")` ndicho chimatseka mpata umenewu. Chimapereka 1 pomwe pali dzina ndi 0 pomwe palibe, ndiye mizere yopanda kanthu imakhala 0 kugawa ndi 2, yomwe ndi 0. Yankho loposa ndi mmodzi n'loopsa kuposa `#DIV/0!`, chifukwa uthenga wa cholakwika umaonekera poyera pomwe 5 amaoneka ngati nambala yabwinobwino. Pa makasitomala mazana palibe amene angazindikire kuti mmodzi ndi wongopeka.

Amene ali ndi Excel 2021 kapena ya Microsoft 365 ali ndi njira yowerengeka mosavuta:

```
=IFERROR(ROWS(UNIQUE(FILTER(A2:A11,A2:A11<>""))),0)
```

Iwerengeni kuchokera mkati. `FILTER` imasefa n'kutaya timabokosi topanda kanthu, `UNIQUE` imasiya dzina lililonse kamodzi, `ROWS` imawerenga mizere yotsala. Ndimakonda `ROWS` pamenepa kusiyana ndi `COUNTA` yomwe ena amaika, pa chifukwa chimodzi: mndandanda ukakhala kuti mulibiretu dzina, `FILTER` imatulutsa uthenga wa cholakwika, ndipo `COUNTA` imawerenga uthengawo ngati chinthu chimodzi n'kukuuzani kuti muli ndi kasitomala mmodzi. Ndi `ROWS` cholakwikacho chimafika kwa `IFERROR`, yomwe imayankha 0. Mukalemba fomulayi n'kuona `#NAME?`, dziwani kuti Excel yanu ndi yakale, bwererani ku ya `SUMPRODUCT`. Makompyuta ena anatcheredwa kuti azilekanitsa zigawo za fomula ndi `;` m'malo mwa `,`, ndiye fomula ikakanidwa yesani kusintha chizindikirocho.

Kutalika kwa mndandanda nako kuli ndi mtengo wake. Mu fomula ya `SUMPRODUCT`, mzere uliwonse umayerekezedwa ndi mizere yonse. Pa mizere 1,000 kuyerekeza kumachitika ka 1 miliyoni, ndipo simungamve n'komwe. Pa mizere 10,000 kumafika 100 miliyoni, pa 50,000 kumafika 2.5 biliyoni, ndipo laputopu ya mu ofesi imayamba kuuma nthawi iliyonse mukasintha dzina limodzi mu kolamuyo. Pa chifukwa chomwechi musalembe `A:A` mu fomula imeneyi pofuna kuphimba kolamu yonse, chifukwa kolamu ya Excel ili ndi mizere 1,048,576. Ngati malonda afika mzere 3,000, lembani mpaka `A5000`. Mizere 2,000 yotsalayo ndi malo a malonda a mawa, ndipo fomula yathu iidumpha popeza mulibe kanthu. Mndandanda ukatalika kupitirira apo pa Excel yakale, koperani kolamu ya mayina pa pepala lina, gwiritsani ntchito `Remove Duplicates` yomwe ili pa `Data`, kenako muwerenge zotsalazo ndi `COUNTA`. Chonde chitani zimenezi pa kope, osati pa mndandanda weniweni, chifukwa batani limenelo limafufutadi mizere.

Komabe vuto lalikulu kwambiri silikhala mu fomula. Limakhala m'mayina momwemo. Kompyuta siidziwa anthu, imangoyerekeza zilembo. Kusiyana kwa zilembo zazikulu ndi zazing'ono sikuisokoneza, moti "BANDA" ndi "Banda" imawatenga ngati mmodzi. Koma wolemba akagunda batani la mpata kumapeto kwa dzina, "Banda" wa kampata kosaoneka uja amasanduka munthu wina. Mu chitsanzo chathu, kampata kamodzi pa A11 kasintha yankho kuchoka pa 4 kufika pa 5. Choipa china ndi kabokosi kooneka kopanda kanthu koma muli kampata, komwe kamabadwa munthu akafufuta dzina pogunda batani la mpata m'malo mwa `Delete`. Kwa Excel kabokosi kameneko n'kolembedwamo, ndipo fomula zonse ziwiri zikawerenga ngati kasitomala.

Kuti mugwire tizilombo totere, lembani `=LEN(A11)` pambali. Fomulayi imawerenga zilembo: Banda ayenera kupereka 5, ndiye mukaona 6 pali kampata. Kabokosi kopandadi kanthu kayenera kupereka 0. Mankhwala ake ndi kutsegula kolamu yothandizira, kulemba `=TRIM(A2)` mu B2 n'kuikokera pansi mpaka kumapeto. `TRIM` imachotsa mipata ya kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo pakati pa mawu imasiya umodzi wokha. Mukatero muziwerenga kolamu B m'malo mwa A. Timabokosi ta mu B toyang'anizana ndi malo opanda dzina timakhala ndi fomula mkati ngakhale sitionetsa kanthu. `COUNTA` imatiwerenga, koma chigawo cha `<>""` chimatidumpha bwinobwino.

Pali zina zomwe `TRIM` singakonze. Wina alemba "J. Phiri", mnzake wa shifiti ya masana alemba "Bambo Phiri", wachitatu "a Phiri a ku dimba", onse akunena munthu mmodzi. Apa yankho likhala lokwera kuposa zoona. Kumbali inayo, kuno kwathu a Banda ndi a Phiri ndi ochuluka zedi, moti anthu atatu osiyana a dzina limodzi fomula iwaphatikiza kukhala mmodzi, yankho n'kutsika. Zolakwika ziwirizi zikhoza kukwirirana, nambala n'kumaoneka yomveka pomwe ili yabodza mbali zonse. N'chifukwa chake ndimalimbikira kuti kuwerenga kusatsamire pa dzina. Patsani kasitomala aliyense nambala yakeyake, kapena gwiritsani nambala ya foni. Ya foni nayo imafuna mwambo umodzi wa kalembedwe, chifukwa nambala imodzi yolembedwa koyamba ndi 0 kutsogolo, kenako ndi +265, idzawerengedwa kawiri. Excel imadyanso 0 wakutsogoloyo ngati kolamu sinatcheredwe kukhala `Text` musanayambe kulemba.

Musanakhulupirire yankho, lionani ndi maso. Pa kope la mndandanda sanjani mayina motsata alifabeti. Mayina olembedwa mosiyana pang'ono ambiri amagundana, ndipo mumawaona msanga. Pa Excel yatsopano, `=SORT(UNIQUE(FILTER(B2:B5000,B2:B5000<>"")))` ikutulutsirani mndandanda wa mayina onse kamodzikamodzi. Kuwerenga mayina 400 ndi ntchito ya mphindi zochepa, ndipo ndi pomwe mumapeza kuti "Mwale" ndi "Mwalle" ndi mlimi mmodzi.

Chotsala ndi kufunsa kuti timabokosi topanda kanthu tija tikutanthauza chiyani. Ngati wolemba amaika dzina pa mzere woyamba wokha n'kusiya mizere ya katundu wina wa munthu yemweyo, kudumpha sikutaya aliyense. Koma ngati pa mzerewo pali ndalama zomwe zinalandiridwa kwa munthu amene sanalembedwe, ameneyo ndi kasitomala weniweni amene fomula yamusiya kunja. Lembani `=COUNTBLANK(B2:B3001)`, kulekezera pa mzere womaliza wa malonda, kuti mudziwe kuchuluka kwa mizere yotere. Ikakhala 12 mwa 3,000, nambala yanu ili pafupi ndi zoona. Ikakhala 900, ndiye kuti pafupifupi gawo limodzi mwa atatu la malonda lilibe mwini wodziwika, ndipo mu lipoti lopita ku banki kapena kwa eni bizinesi muyenera kulemba nambala zonse ziwiri: makasitomala odziwika ndi mayina akuti, komanso malonda 900 opanda dzina.