Wakuberani Vidiyo? Batani la Report Lokha Silingaichotse

Munthu akapeza vidiyo yake ili pa tsamba la wina, nthawi zambiri amathamangira ku gulu la anzake pa WhatsApp n'kuwauza kuti, "Anthu inu, taonani wakubayu, tiyeni tonse timupange lipoti." Anzakewo amadinadi Report, ena amakalemba mawu otukwana m'munsi mwa vidiyoyo. Sabata imatha vidiyo ikadali pomwepo, ndipo owonera awonjezekera chifukwa cha gulu lomwe mwalitumiza nokha.

Chifukwa chake n'chakuti batani limene aliyense amadina lija analikonzera zinthu monga zolaula, zachiwawa, chipongwe ndi chinyengo. Oyang'anira tsamba akaitsegula vidiyo yonenezedwayo amaona mayi akuphika futali kapena anyamata akuchita sewero, palibe choipa, ndiye amaisiya. Iwo sangadziwe poyang'ana kuti mwini wake ndani. Nkhani ya umwini ili ndi khomo lakelake, ndipo pakhomopo salola gulu kulowa. Amalola mwini vidiyo yekha, kapena munthu amene mwiniyo wamupatsa mphamvu yomuimira, monga loya. Anthu 500 odina Report sangachite zimene fomu imodzi yolembedwa bwino ndi mwiniwake ingachite.

Khomo limeneli linabwera ndi lamulo la ku America la chaka cha 1998, lodziwika ndi dzina loti DMCA. Lamuloli linapereka chitetezo kwa makampani osunga zinthu za anthu pa intaneti: sadzaimbidwa mlandu pa zimene anthu aika, bola ngati amachotsa msanga mwini chinthu akadandaula mwa ndondomeko yake, komanso ngati amatsekera anthu obwerezabwereza kuba. YouTube ndi Facebook ndi makampani a ku America, choncho mafomu awo amatsatira ndondomeko imeneyi, ndipo munthu wa ku Mzuzu kapena ku Chipata amadzaza fomu yofanana ndi ya munthu wa ku California. Simufunika kulembetsa vidiyo yanu kwina kulikonse kuti ikhale yanu. Umwini umayamba pamene mwaijambula, ndipo mayiko amene ali m'pangano la Berne, kuphatikizapo Malawi, Zambia ndi America, amalemekezana pa mfundo imeneyi.

Tiyerekeze mtsikana wina amene amajambula masewero afupiafupi ndi foni yake. Waika sewero la mphindi 4 pa tchanelo chake cha YouTube, ndipo patapita masabata awiri akulipeza pa tchanelo china, dzina lake lomwe linali pakona atalidula, mutu atausintha. Asanalankhule ndi aliyense, choyamba ndi kusunga umboni. Akopere linki ya vidiyo yobedwayo, osati ya tchanelo chonse koma ya vidiyo yeniyeniyo. Ajambule sikirini moonetsa dzina la tchanelo, tsiku loikira ndi chiwerengero cha owonera. Kenako abwerere mufoni mwake n'kupeza fayilo yoyambirira, pamodzi ndi zidutswa zimene anazitaya pokonza: pamene wosewera anaseka pakati pa mawu, pamene mwana anadutsa kutsogolo kwa kamera. Zidutswa zimenezi ndi umboni wamphamvu kwambiri, pakuti wakuba ali ndi vidiyo yomalizidwa yokha. Fayilo imene yadutsa pa WhatsApp imakhala yofinyidwa, yooneka mozimirira, ndipo siyingafanane ndi yochokera mu kamera. Amene amafufuta mafayilo oyambirira pofuna malo mufoni amataya chinthu chimene sangachibwezeretse.

Funso lachiwiri ndi lowawa pang'ono, koma ayenera kudzifunsa moona mtima: kodi vidiyoyi ndi yangadi? Mwini vidiyo nthawi zambiri ndi amene anaijambula ndi kuikonza, osati amene akuoneka m'menemo. Ngati munavina pa ukwati wina n'kukujambulani, nkhope ndi yanu koma vidiyo ndi yake, ndipo dandaulo lanu lipite kudzera njira ya zachinsinsi cha munthu, osati ya umwini. Ngati munajambula muli pa ntchito ya kampani, kapena munalipidwa pa mgwirizano wopereka umwini, mwina mwini wake ndi wokulipiraniyo. Ndipo nyimbo ya woimba wina imene ikulira m'vidiyo yanu siyikhala yanu chifukwa choti mwaiikamo.

Mtsikana wathu uja anajambula yekha, choncho apite ku YouTube Studio. Pamndandanda wa kumanzere pali gawo la Copyright, lomwe pena limalembedwa Content detection, ndipo m'menemo muli New removal request. Fomu imafunsa linki ya vidiyo yobedwa, mtundu wa ntchito yake, linki ya vidiyo yake yoyambirira, ndi gawo limene labedwa, kaya ndi yonse kapena kuyambira mphindi yakuti kufika yakuti. Apa ndi pamene madandaulo ambiri amagwera. Kulemba kuti "wandibera zinthu zanga" sikuthandiza wowunika. Kulemba kuti vidiyo yonse, kuyambira 0:00 mpaka 4:05, ndi sewero lakuti lomwe linaikidwa tsiku lakuti, kumamupatsa choti ayerekeze.

Kenako fomu imafuna dzina lenileni, adiresi, nambala ya foni ndi imelo. Dzina la pa siteji silokwanira posaina. Kumapeto mumavomereza kuti mukukhulupirira ndi mtima woona kuti wogwiritsa ntchitoyo alibe chilolezo, kuti zimene mwalemba n'zoona, komanso mumalumbira kuti ndinu mwini kapena womuimira. Ambiri sadziwa kuti munthu amene mwamunenezayo amaona dzina la mwini vidiyo lomwe mwalemba, ndiponso akhoza kupeza imelo yanu kuti alankhule nanu. N'kwanzeru kukhala ndi imelo yapadera ya ntchito zoterezi, ndipo amene akuopa kuvutitsidwa angadutse mwa loya kapena womuimira.

Pa fomu yomweyo pali kusankha kumene ine ndimakuona kofunika kuposa momwe kumaonekera. Mukhoza kupempha kuti vidiyo ichotsedwe nthawi yomweyo dandaulo likavomerezedwa, kapena kupereka masiku 7 kuti woikayo aichotse yekha. Akaichotsa m'masiku amenewo salandira chilango. Ikachotsedwa ndi YouTube, tchanelo chake chimalandira chikwapu chimene pa sikirini chimalembedwa copyright strike. Chikwapu chimatha pakapita masiku 90 ngati wolakwayo wamaliza kaphunziro ka Copyright School, koma zikakwana zitatu tchanelo chonse chikhoza kutsekedwa pamodzi ndi mavidiyo ake onse. Ngati woikayo ndi mwana wa sukulu wokonda masewero anu amene ankaganiza kuti akukuthandizani kutchuka, masiku 7 ndi chilungamo. Ngati ndi munthu amene wadula dzina lanu mwadala, ndipo tchanelo chake chadzaza ntchito za ena, sindiona chifukwa chomunyengerera. Musaiwale kachizindikiro kopempha kuti makope ena a vidiyoyo asamaikidwenso pa YouTube.

Dandaulo lanu loyamba likavomerezedwa, mumapatsidwa mwayi wa Copyright Match Tool, chida chimene chimafufuza chokha makope a mavidiyo anu pa matchanelo ena n'kukuonetsani. Chili ndi malire ake. Chimagwira bwino makope athunthu kapena pafupifupi athunthu, ndipo kachidutswa kakafupi kakhoza kuchidutsa. Chimayang'ana pa YouTube pokha. Chachikulu n'chakuti chimadalira amene anayamba kuika. Ngati sewero lanu munalitumiza kaye ku magulu a WhatsApp kapena pa TikTok, wina n'kuthamangira kuliika pa YouTube inu musanatero, chidacho sichidzakuonetsani kope lake. Mukhozabe kudandaula ndi fomu, koma muyenera kulipeza nokha. N'chifukwa chake ndi bwino kuika vidiyo pa tchanelo chanu musanaigawe kwina, ngakhale mutaibisa kaye kwa anthu. Content ID, makina aakulu amene YouTube inayambitsa mu 2007, omwe amatha kutembenuzira ndalama za malonda kwa mwini wake, amaperekedwa makamaka kwa makampani a nyimbo ndi mafilimu okhala ndi ntchito zambiri. Wojambula wamba nthawi zambiri saloledwa kulowamo mwachindunji.

Facebook, Instagram ndi TikTok ali ndi mafomu awo a umwini, amene amapezeka pansi pa mawu oti Intellectual property, ndipo amafunsa zinthu zofanana. Kupambana pa tsamba limodzi sikuchotsa kope pa tsamba lina. Malo alionse ndi fomu yake.

Nkhani simathera pa kuchotsa nthawi zonse. Wonenezedwayo ali ndi ufulu wotsutsa kudzera mu counter notification, kulumbira kuti vidiyo inachotsedwa molakwika. Akatero, YouTube imakutumizirani zimene walemba, dzina ndi adiresi yake, ndipo muli ndi masiku 10 a ntchito kuti muonetse umboni woti mwatengera nkhaniyo kukhothi. Mukapanda kutero vidiyo imabwezeretsedwa. YouTube siiweruza kuti wolondola ndani. Imangotsatira ndondomeko. Apa ndi pamene wojambula wopanda ndalama amafooka, makamaka ngati wakubayo ali kudziko lina. Chotonthoza n'chakuti potsutsa munthu amayenera kuulula dzina lake ndi kuvomera kuzengedwa mlandu, zomwe akuba ambiri safuna. Ngati onse awiri muli ku Malawi, lamulo la umwini la 2016 limakupatsani njira kukhothi la kwanu, ndipo bungwe la COSOMA lingakulangizeni poyambira. Kukhothi ndi kokhanso kumene mungafunse ndalama zimene wakubayo anapeza, chifukwa fomu imangochotsa vidiyo, siibweza ngakhale tambala.

Fomu imeneyi imathanso kuluma mwini wake. Munthu amene watenga masekondi ochepa a vidiyo yanu kuti aitsutse, aiseke kapena anene nkhani, malamulo ambiri amamulola, ngakhale mawu ake atakupwetekani. Mu 2007 mayi wina wa ku America, Stephanie Lenz, anaika pa YouTube vidiyo ya masekondi 29 ya mwana wake akuvina, nyimbo ya Prince ikumveka chapatali. Kampani ya Universal inaichotsetsa, iye anakasuma, ndipo mu 2015 khothi la apilo linagamula kuti wodandaula ayenera kuganizira kaye ngati kagwiritsidwe ntchitoko n'kololedwa asanatumize dandaulo. Wonama mwadala pa fomu akhoza kulipitsidwa, ndipo YouTube imatha kutseka tchanelo cha wogwiritsa ntchito fomuyi molakwika. Komano amene waika vidiyo yanu yonse n'kulemba m'munsi kuti si yake ndipo akuthokoza mwini wake sanadziteteze ndi mawu amenewo. Kutchula dzina si chilolezo, ndipo fomu yanu imagwira ntchito pa iye chimodzimodzi ndi pa amene anadula dzina lanu.