Ndime Ziwiri za Kumapeto kwa Mgwirizano wa Malonda

Munthu akamasaina mgwirizano wogulitsa katundu kunja kwa dziko, maso ake amathamangira pa mtengo, kuchuluka kwa katundu ndi tsiku lolandira ndalama. Ndime za kumapeto, zolembedwa m'zilembo zing'onozing'ono, ambiri amangozidumpha. Komatu pakati pa ndime zimenezi pali ziwiri zomwe zimayamba kugwira ntchito tsiku limene ubale wa wogula ndi wogulitsa wasokonekera. Yoyamba imanena malamulo a dziko limene adzagwiritsidwe ntchito pomasulira mgwirizanowo. Yachiwiri imanena khoti la dziko limene lidzamve mlanduwo.

Ndime ziwirizi si chinthu chimodzi. Khoti la ku Lilongwe likhoza kuweruza mlandu potsatira malamulo a ku South Africa ngati ndi amene anthuwo anasankha. Zikatero, malamulo akunjawo amaperekedwa ngati umboni, ndipo pamafunika katswiri wa malamulo a dzikolo kuti awafotokoze kwa woweruza. Zimenezi zimadya nthawi ndi ndalama.

Tiyeni titenge chitsanzo chongoyerekeza. Mayi wina wa ku Mchinji wagulitsa matani 30 a mtedza kwa kampani ya ku Johannesburg pa mtengo wa R600,000. Theka analandiriratu, ndipo R300,000 yotsala inayenera kulipidwa mu Malichi 2021. Pepala limene anasaina linali la kampani yogulayo, ndipo kumapeto kwake kunali mawu akuti mgwirizanowo udzayendera malamulo a ku South Africa ndipo milandu idzamvedwa ndi makhoti a ku Johannesburg okha. Mtedza utafika, kampani ija inati ndi wachuku ndipo sidzalipiranso kalikonse. Mayi uja analeza mtima, nkumangotumiza makalata okumbutsa. Mu Seputembala 2024, patatha zaka zitatu ndi theka, anapita kwa loya.

Akanakhala kuti anagulitsa mtedzawo kwa wogula wa ku Blantyre, nthawi ikanakhala ilipobe, chifukwa lamulo la ku Malawi limapereka zaka zisanu ndi chimodzi zokasuma mlandu wa mgwirizano. Koma ku South Africa, lamulo la mu 1969 limati ngongole wamba ngati imeneyi imafa pakatha zaka zitatu kuchokera tsiku limene inayenera kulipidwa. Nthawiyo imaduka ngati wangongole wavomera kuti ali ndi ngongole, kapena ngati wapatsidwa samoni ya kukhoti. Makalata okumbutsa saidula ayi. Popeza kampani ija inakana ngongoleyo kuyambira pachiyambi, R300,000 inafa mu Malichi 2024. Nkhani yakuti mtedza unalidi wachuku kapena ayi siidzamvedwanso. Ambiri a ife tinaphunzitsidwa kumpingo kuti tisamathamangire kukhoti, ndipo ndi malangizo abwino, koma wokambirana mwamtendere ayenera kudziwa tsiku limene ufulu wake wosuma udzathe.

Tsopano tiyerekeze kuti mayiyo anapita kwa loya nthawi isanathe. Apa ndime yachiwiri ndiyo imene imamupana. Mawu akuti “okha” akutanthauza kuti analonjeza kusasuma kwina kulikonse, ndipo akasuma ku Malawi, kampaniyo ikhoza kupempha khoti kuti liimitse mlanduwo chifukwa cha lonjezolo. Ayenera kupeza loya wa ku Johannesburg, kumulipira mu randi, ndi kutumiza mboni zake kumeneko. Komanso, popeza iye ndi wakunja, kampaniyo ikhoza kupempha khoti kuti ayambe waika ndalama zachikole zolipirira mlandu ngati angagonje. Pa ngongole ya R300,000, ambiri amawerengera zonsezi nkungoisiya. Ndime yopanda mawu akuti “okha” ikanasiya khomo lotseguka loti asume kwina kumene malamulo akulola.

Mwina mukuganiza kuti nzeru ndiyo kuumirira makhoti akwathu nthawi zonse. Musanatero, funsani kuti chuma cha mnzanuyo chili kuti. Chigamulo cha nthambi ya Khoti Lalikulu yoona milandu ya zamalonda ku Lilongwe sichingalande galimoto kapena ndalama za kubanki ku Johannesburg pachokha. Wopambana ayenera kupita nacho kukhoti la ku South Africa kuti likachivomereze. Khotilo silibwereza mlandu wonse, koma limafunsa ngati chigamulocho ndi chomaliza, ngati sichinapezeke mwachinyengo, ndiponso ngati khoti la ku Malawi linali ndi mphamvu pa wosumiridwayo. Mphamvu imeneyi imaoneka ngati wosumiridwayo amakhala kapena anapezeka ku Malawi pamene mlandu unkayamba, kapena ngati anavomera yekha kuweruzidwa kuno.

Apa ndi pamene ndime ija imathandiza wogulitsa. Kampani ikasaina kuti milandu idzamvedwa ku Malawi, ndiye kuti yavomera, ndipo singadzanene kuti khoti lathu linalibe mphamvu pa iyo. Popanda ndime yotere, kampani yopanda ofesi kuno ikhoza kungonyalanyaza samoni, mayi uja nkupambana mlandu, koma chigamulo chake nkukhala pepala chabe akawoloka malire. Ngakhale ndi ndimeyo, ulendo ndi wa makhoti awiri. Choncho nthawi zina kusuma kumene kuli chuma cha wangongole ndiyo njira yachidule.

Njira yachitatu ndiyo kugwirizana kuti mkangano udzaweruzidwe ndi woweruza wapadera amene mbali ziwirizo zasankha, kunja kwa makhoti a boma. Pangano la ku New York la mu 1958 limamanga mayiko oposa 170 kuti azilemekeza zigamulo zotere, ndipo zifukwa zokanira ndi zochepa. Dziko la South Africa linalowa m'panganoli mu 1976, ndipo Malawi inalowa mu 2021. Vuto lake ndi lakuti woweruzayu amalipidwa ndi eni mkanganowo, kotero pa malonda aang'ono mtengo wake ukhoza kuyandikira ndalama zimene akukanganirana. Ndime yake iyeneranso kutchula mzinda umene mlandu udzakhazikike, chiwerengero cha oweruza ndi chilankhulo chogwiritsa ntchito.

Nanga ngati mgwirizano sunena kalikonse? Pamenepo khoti limafufuza dziko limene malondawo akukhudzana nalo kwambiri, poona kumene katundu anaperekedwa, kumene ndalama zinayenera kulipidwa ndi mtundu wa ndalamazo. Mbali iliyonse imakokera kwawo, ndipo pamakhala mlandu wina mlandu weniweni usanayambe. Chimodzimodzi pamene wogula watumiza pepala lake la oda lotchula malamulo a kwawo, wogulitsanso nkutumiza invoisi yotchula a kwawo. Kawirikawiri amene anatumiza kapena kulandira katundu osatsutsa pepala lomaliza amaonedwa ngati walivomera.

Mukapatsidwa mgwirizano wotere, kaya ndi wa bizinesi yanu kapena wa sukulu ya mpingo imene ikugula zipangizo kunja, yambani kuwerenga kumapeto. Pezani dziko limene malamulo ake atchulidwa, ndipo funsani loya kuti malamulowo amapereka zaka zingati zosumira. Onani ngati pali mawu akuti “okha”. Kenako yerekezani mtengo wa mlandu ndi ndalama zimene mungataye. Ngati wogula wakana kusintha ndimezo, chitetezo chanu chichokere kwina: alipiretu zonse, kapena banki yake ilonjeze kulipira zikalata za katundu zikaperekedwa. Mayi wa ku Mchinji uja akanachita zimenezi, sakanafunikira khoti la ku Johannesburg.