"Pepani" yekha sakwanira: kupepesa mnzanu wa kuntchito mukachedwetsa ntchito

Mawu akuti "pepani" timawagwiritsa ntchito pawiri. Timawanena tikalakwira munthu, komanso timawanena pomumvera chisoni. Munthu akapunthwa pamwala timati pepani, ngakhale mwalawo sitinauike ndife. Pamaliro timatinso pepani. N'chifukwa chake mnzanu wa kuntchito amene mwamugwetsa m'mavuto pochedwetsa ntchito akamva "pepani" yekha, sadziwa ngati mukuvomera kulakwa kapena mukungomumvera chisoni ngati munthu wodutsa m'njira. Kupepesa kwenikweni kumayambira pa mawu amene amabwera pambuyo pa "pepani".

Tiyerekeze kampani yaing'ono ku Limbe. Mayi wina amasunga kaundula wa malipiro a antchito, bambo wina ndi wowerengera ndalama. Msonkho wa PAYE, umene umadulidwa pa malipiro a antchito, umayenera kufika ku bungwe lotolera misonkho la MRA pofika pa 14 mwezi wotsatira. Awiriwa anagwirizana kuti mayiyo azipereka ndandanda ya malipiro onse a mwezi wathawo, ndi ovataimu yomwe, pofika pa 10, kuti bamboyo akhale ndi masiku anayi owerengera ndi kutumiza. Mwezi uno ndandanda yafika pa 16. Msonkho wapita mochedwa, kampani yalipira chilango, ndipo amene waitanidwa ku ofesi ya abwana kukafotokoza ndi bamboyo, popeza ndiye amatumiza.

Mayiyo ali ndi zifukwa, ndipo n'zoona ndithu. Magetsi anazima masiku awiri, mwana anadwala malungo, a ku nthambi ya ku Zomba anachedwa kutumiza maola a ovataimu. Ambiri a ife tikanayambira pomwepo: "Pepani achimwene, mukudziwa kale za magetsiwa, ndiye mwana naye anagonekedwa, komanso a ku Zomba aja sathandiza." Munthu akamalankhula chonchi amamva ngati akupepesa, koma taonani zimene wachitira mnzakeyo. Bambo uja anabwera ndi chilonda chake, tsopano ndiye akuyenera kunena kuti "pepani, mwana ali bwanji?" Wolakwiridwa wasanduka wotonthoza, ndipo za kukalipiridwa kwake sizinatchulidwe n'komwe. Chifukwa chilichonse chowonjezera chimachotsa mtolo pamutu pa wolakwa n'kuuika kwina, mpaka pomaliza palibenso amene analakwa.

Chinenero chathu chili ndi pobisalira pambiri, ndipo khutu la mnzanu limapadziwa. "Zinachedwa," "zinaiwalika," "zinasokonekera": m'mawu onsewa mulibe munthu, ngati kuti ndandanda inadzichedwetsa yokha. "Tinachedwa" ndi woipa koposa, chifukwa akukokera m'mlandu munthu amene anakhala pansi kudikira. "Sitinamvane" amagawa kulakwa pakati pamene tsiku linali lodziwika kwa onse. Nawonso "ngati ndakulakwirani" akufunsa chinthu chimene nonse mukuchidziwa kale. Mukafuna kudziyesa, mvetserani chiganizo chanu choyamba: ngati mulibe "ndi-" wa "ndinachedwa" kapena "sindinabweretse", simunayambe kupepesa.

Mayi uja akanapita pa desiki ya mnzake m'mawa wa tsiku lomwelo, anthu asanadzaze ofesi, n'kunena kuti: "Achimwene, ndabwera kudzapepesa. Tinagwirizana kuti ndandanda ndikupatsani pa 10, ine ndabweretsa pa 16. Ndalakwa ndine. Ndinaona kale pa 8 kuti sindikwanitsa, koma sindinakuuzeni. Chifukwa cha ine mwakalipiridwa ndi abwana pa mlandu umene si wanu. Lero lomwe ndikawauza kuti kuchedwaku kunachokera kwa ine. Mwezi wamawa ndandanda muilandira pa 8, ndipo a ku Zomba akachedwa ndidzakuuzani tsiku lomwelo. Mundikhululukire."

Mawuwa satha ndi mphindi imodzi yomwe, koma muli zonse. Watchula tsiku limene anagwirizana ndi tsiku limene wabweretsa, kotero palibe chokanganirana. Watchula zimene zagwera mnzake, kusonyeza kuti waona pamene pakupweteka. Ndipo wavomera cholakwa chachikulu kuposa kuchedwako, chomwe ndi kukhala chete. Magetsi ndi malungo sanali m'manja mwake, koma foni inali m'manja mwake. Akanalankhula pa 8, bamboyo akanayamba ndi manambala amene analipo, kapena akanaimbira yekha a ku Zomba. Akuluakulu anati muvi woyang'anira suchedwa kulowa m'maso. Pa ntchito yogwira awiri, chimene chimapweteka mnzanu kawirikawiri si vuto limene linakugwerani, koma kuti munaliona likubwera osamuchenjeza.

Kodi ndiye chifukwa tisamachitchule? Chili ndi malo ake. Ngati ndi chachikulu, monga maliro kapena matenda a m'nyumba, kuchibisa kwa munthu amene mumagwira naye ntchito tsiku ndi tsiku n'kumuyesa mlendo. Chitchuleni kamodzi, mwachidule, mutavomera kale kulakwa: "Mwana anadwala sabata imeneyo, komabe ndikanatha kukuimbirani." Chifukwa chikhale chimodzi chokha. Mukatchula zitatu, womva amayamba kukayikira ndi choyamba chomwe. Za a ku Zomba zisalowe m'kupepesa. Ngati pali vuto kumeneko, likambidwe tsiku lina pamsonkhano, eni ake alipo.

Gawo lovuta ndi la abwana, ndipo ndi limene ambiri timalizemba. Paja amati pepani sapoletsa chilonda. Kumudzi wolakwa akavomera pabwalo amapereka kanthu, kaya ndi nkhuku, kuti mlandu uthe. Kuofesi nkhuku yake ndiyo kuyeretsa dzina la mnzanu pamalo pomwe linadetsedwera. Ngati anakalipiridwa ndi abwana, abwanawo amve kuchokera pakamwa panu. Ngati funso lakuti "bwanji msonkho wachedwa?" linafunsidwa pa imelo kapena pa gulu la WhatsApp la kuntchito, yankho lanu likhale pomwepo, mizere iwiri yokha: ndandanda ndinapereka mochedwa ndine, anzanga analibe choti agwirirepo ntchito. Kupepesa kuseri pamene manyazi anagwera mnzanu poyera n'kubweza theka la ngongole.

Palinso kulakwitsa kwa mbali inayo. Ena amapepesa mpaka kupitirira: m'mawa, masana, uthenga usiku, kudzinyoza kuti ndine wopanda pake. Izinso n'kusenzetsa mnzanu katundu, chifukwa amakakamizika kunena "musadandaule" mtima usanaphwe. Pepesani kamodzi, bwinobwino, kenako khalani chete mumve. Akakwiya, musiyeni alankhule osamudula. Akangoti "chabwino" nkhope ili gwa, landirani. Chikhululuko mumapempha, simulamula, ndipo tsiku lake amasankha ndi iyeyo.

Mudzadziwa kuti kupepesa kwagwira poona zochita, osati mawu. Ngati bambo uja wayamba kukopera abwana uthenga uliwonse umene akukutumizirani, kapena akukukumbutsani katatu za tsiku limodzi, ndiye kuti chikhulupiriro sichinabwerere. Musakhumudwe nazo, ndi ufulu wake. Chimabwerera ndi ndandanda yofika pa 8 mwezi wamawa, ndi mwezi winawo, mpaka atasiya yekha kukumbutsa. N'chifukwa chake musalonjeze tsiku pofuna kungomusangalatsa. Ngati mukudziwa kuti pa 8 simungathe, nenani pa 10 ndipo musunge.

Inu amene mukuwerenga muli ndi mnzanu amene mwakhala mukumuzemba m'khonde la ofesi kuyambira sabata yatha, mawa m'mawa yambirani pa desiki yake. Nenani tsiku limene munagwirizana, nenani kuti munalakwa ndinu, ndipo muuzeni chimene muchite lero lomwe.