Chithunzi Chilipo, Nanga Positi Yakana Bwanji Kutuluka?

Masitolo, matchalitchi ndi mabungwe ambiri masiku ano amakonzeratu mauthenga a mlungu wonse kapena mwezi wonse, n'kuuza pulogalamu tsiku ndi ola loti positi iliyonse ituluke pa Facebook, Instagram kapena X. Mawu savuta kawirikawiri. Chimene chimagwetsa ntchito ndi chithunzi kapena vidiyo, ndipo chifukwa chake chagona pa mmene pulogalamuyo imapezera fayilo.

Njira zake ndi ziwiri. Mapulogalamu ena, monga Meta Business Suite, amatenga chithunzicho nthawi yomwe mukukonza positi n'kusunga kope lawo. Mukadzakonza mtengo pa chithunzi cha m'kompyuta yanu mawa lake, chomwe chidzatuluke ndi chakale chija, pokhapokha mutachiikanso. Ena sasunga chithunzi ayi. Amasunga dzina lake ndi malo pomwe chili, pa ndandanda yonga ya Excel, ndipo amapita kukachitenga ola likakwana. Njira yachiwiriyi ndiyo imafuna mwambo, pakuti pulogalamu siona chithunzi. Imawerenga dzina chilembo ndi chilembo, ndipo chimodzi chikasiyana imabwerera chimanjamanja, ngati wamtengatenga yemwe mwamupatsa nambala yolakwika ya nyumba.

Tiyerekeze sitolo yogulitsa mbewu yomwe yakonza zolengeza mbewu ya chimanga Lolemba pa 3 Novembala 2025, 7 koloko m'mawa. Pa ndandanda alemba kuti chithunzi ndi `mbewu.jpg`. Fayilo yomwe aika pa seva ndi `Mbewu.JPG`. Poyesa pa kompyuta ya mu ofesi zonse zinayenda, chifukwa Windows imatenga mayina awiriwa ngati amodzi. Koma maseva ambiri amayendera Linux, ndipo kwa Linux chilembo chachikulu ndi chaching'ono ndi zinthu zosiyana. Ola likakwana seva imayankha `404`, kutanthauza kuti fayilo sinapezeke. Mukaona nambala imeneyi pomwe chithunzi mukuchiona ndi maso anu mu foda, yambani kukayikira dzina.

N'chifukwa chake lamulo loyamba ndi lakuti mayina onse alembedwe ndi zilembo zazing'ono zokhazokha, mpaka kumapeto komwe kuli `.jpg` kapena `.mp4`. Lachiwiri ndi kupewa mipata, chifukwa mu adiresi ya pa intaneti mpata umasanduka `%20` ndipo si pulogalamu iliyonse imene imasamala bwino zimenezi. Apa olemba Chichewa tili ndi misampha yathuyathu. Kachizindikiro ka mu mawu ngati ng'ombe ndi m'mawa kamasokoneza malamulo a kompyuta, omwe amakaona ngati chiyambi cha mawu otsekeredwa. Chilembo cha ŵ nachonso chingasungidwe m'njira ziwiri zooneka zofanana pa sikirini koma zosiyana kwa makina. Mu positi lembani Chichewa chabwino ndi zizindikiro zake zonse, koma dzina la fayilo likhale `ngombe`, `mmawa`, `malawi`.

Dzina labwino la chithunzi cha sitolo ija lingakhale ili:

```
2025-11-03_0700_ig_mbewu-ya-chimanga_01.jpg
```

Deti layamba ndi chaka, kenako mwezi, kenako tsiku, monga mwa muyezo wa ISO 8601. Ubwino wake ndi wakuti foda ikasanja mafayilo potsata mayina, amandandalikana okha potsata nthawi yotulukira. Mukayamba ndi tsiku, 3 Novembala adzakhala moyandikana ndi 3 Disembala, pomwe 4 Novembala ali kutali. Zilembo `ig` zikusonyeza kuti kope ili ndi la Instagram. La X lidzakhala ndi `x`. Nambala yomaliza ili ndi ziro kutsogolo kuti pa positi ya zithunzi zambiri chithunzi cha 10 chisadumphe n'kukhala patsogolo pa cha 2. Mayina omwe foni imapereka, monga `IMG_0042.JPG`, sayenera kulowa pa ndandanda, chifukwa mafoni awiri angathe kupereka dzina lomwelo ndipo chithunzi china chimafufuta chinzake zikakumana mu foda imodzi.

Ndimaumirira kwambiri pa mafoda atatu okha: `zosakonza`, `zokonzeka` ndi `zatuluka`. Pulogalamu iziyang'ana mu `zokonzeka` mokha. Fayilo ikalowa mmenemo ndi kulembedwa pa ndandanda, dzina lake lisakhudzidwenso, ngakhale wina ataona kuti sanalembe bwino. Chithunzi chikafunika kukonzedwa, chatsopanocho chilowe ndi dzina lomwelo. Mayina onga `chomaliza` ndi `chomaliza-chenicheni` ndiwo amachititsa kuti mtengo wakale ufike kwa alimi.

Dzina likakhala bwino, kwatsala kulemera kwa fayilo. X salandira chithunzi choposa 5 MB, ndipo kwa amene salipira, vidiyo isapitirire 512 MB kapena mphindi 2 ndi masekondi 20. Pa njira yomwe mapulogalamu amatumizira mapositi ku Instagram, chithunzi chiyenera kukhala cha JPEG chosapitirira 8 MB. Malire oterewa eni ake amawasintha nthawi zina, choncho ndi bwino kukhala patali nawo. Sitolo ija ikadziikira yokha malire a 4 MB pa chithunzi chilichonse, ndiye kuti yakwanitsa konse kuwiri. Pa Windows, tsegulani PowerShell mu foda ya `zokonzeka` n'kulemba:

```
Get-ChildItem *.jpg | Where-Object Length -gt 4MB
```

Dzina lililonse lomwe latuluka ndi la chithunzi chofunika kuchepetsedwa. Nthawi zambiri kuchichepetsa kuti m'lifupi chikhale mapikiselo 1080 kumachitsitsa kufika pansi pa 1 MB, ndipo pa foni chimaonekabe bwino. Yang'ananinso mafayilo osonyeza `0 KB`: amenewo ndi omwe netiweki inadukira pakati potumiza, dzina lilipo koma mkati mulibe kanthu.

Kulemera kwa vidiyo mungathe kukuwerengera musanatumize. Tengani mamegabiti omwe kamera imalemba pa sekondi, chulukitsani ndi masekondi, n'kugawa ndi 8. Vidiyo ya mphindi 2 yojambulidwa pa mamegabiti 16 pa sekondi ndi 16 × 120 ÷ 8, yomwe ndi 240 MB, ndipo X ailandira. Yomweyo itajambulidwa mu 4K pa mamegabiti 48 ikhala 720 MB, ndipo aikana mutatha kale bandulo poikweza ku seva. Pulogalamu yaulere ya HandBrake ingaitsitse kukhala MP4 ya H.264 pa mamegabiti 6, ndipo idzalemera pafupifupi 90 MB.

Msampha wina ndi wa mtundu wa fayilo. Mafoni a iPhone amasunga zithunzi ngati `.heic` pokhapokha mutasintha. Kungofufuta `.heic` n'kulemba `.jpg` sikusintha zamkati. Chithunzicho chiyenera kutsegulidwa n'kusungidwanso ngati JPEG. Komanso Windows imabisa mapeto a mayina, moti munthu amalemba `.jpg` pa fayilo yomwe ili nayo kale n'kupanga `mbewu.jpg.jpg` osadziwa. Yatsani `File name extensions` mu File Explorer kuti muziona dzina lonse.

Kuyendera konseku kuchitike tsiku lomwe mukulemba ndandanda, osati tsiku lotulutsa. Dzina lililonse likopedwe kuchokera pa fayilo yeniyeniyo m'malo molilemba pamanja, ndipo adiresi ya chithunzi muiyese pa foni ina yomwe sinalowe mu akaunti ya sitolo. Ikafunsa pasiwedi kapena chilolezo, pulogalamu yotumiza nayonso idzakanizidwa 7 koloko ikakwana, ndipo foda ya `zokonzeka` iyenera kutsegulidwa kaye kuti iziwerengeka.