Mayina a katundu amene amauza wogula wapansi, wapakati ndi wapamwamba

Mayi wina walowa m'sitolo ku Limbe kudzagula mpunga. Pa shelefu pali mapaketi atatu a kampani imodzi, onse olemera makilogalamu awiri. Loyamba alilemba kuti Supa, lachiwiri Sipesho, lachitatu Golide, ndipo timapepala ta mitengo tasokonekera. Kodi mpunga wabwino koposa ndi uti? Mayiyo akhoza kufunsa wogulitsa, akhoza kungotenga paketi ina mwamwayi, kapenanso akhoza kutembenukira kwa kampani ina imene katundu wake akumumvetsa. Pa njira zitatuzi, ziwiri zikuluzitsa mwini mpungawo.

Vutoli limagwera aliyense amene amagulitsa chinthu chimodzi m'magulu atatu, kaya ndi ufa, tiyi, zipinda za malo ogona alendo kapena inshulansi ya zaumoyo. Lamulo lake ndi limodzi: mayinawo paokha, popanda mtengo kapena munthu wofotokoza, ayenera kuuza wogula kuti wapansi ndi uyu, wapakati ndi uyu, wapamwamba ndi uyo.

Dzina lotere limakhala ndi mbali ziwiri. Mbali yoyamba ndi dzina la banja, limene silisintha pa katundu yense ndipo limauza wogula amene wapanga katunduyo. Mbali yachiwiri ndi mawu a gulu, amene amasintha pofuna kuonetsa pamene katunduyo waima. Chinsinsi chagona pa mbali yachiwiriyi: mawu onse atatu ayenera kuyeza chinthu chimodzi, monga momwe masitepe a makwerero amalozera kumodzi. Supa, Sipesho ndi Golide akulephera chifukwa onse akungotamanda katundu. Palibe amene akuvomera kukhala pansi pa mnzake, choncho palibe makwerero.

Makampani akuluakulu amagwiritsa ntchito njira zingapo. Kampani ya Intel, imene imapanga ubongo wa makompyuta, inatchuka ndi mayina a Core i3, Core i5 ndi Core i7. Dzina la banja ndi Core, ndipo nambala ikamakwera mphamvu ndi mtengo zimakweranso. Ngakhale munthu wosadziwa za makompyuta amadziwa kuti 7 iposa 3. Komabe njirayi ili ndi malire ake, pakuti nambalayo imayerekeza katundu wa m'badwo umodzi wokha. Kompyuta ya i7 ya zaka khumi zapitazo ikhoza kuchedwa kuposa ya i5 yatsopano, ndipo ogula makompyuta ogwiritsidwa kale ntchito ambiri amapusitsika pamenepa.

Ena amagwiritsa ntchito mitundu. Mowa wa Johnnie Walker uli ndi Red Label, Black Label ndi Blue Label, ndipo mtengo umakwera m'ndondomeko yomweyo. Koma palibe chilichonse mu mtundu wofiira chosonyeza kuti uli pansi pa wakuda. Anthu amadziwa ndondomekoyi chifukwa kampaniyo yakhala ikuiphunzitsa kwa zaka zambiri kudzera m'malonda otsatsa. Bizinesi yaing'ono ilibe ndalama zophunzitsira dziko lonse tanthauzo la mtundu, motero mtundu uyenera kungothandizira dzina, osati kusenza ntchito yonse.

Tsopano tibwerere ku mpunga uja. Tiyerekeze kuti wamalonda wina amagula mpunga wa Kilombero ku Karonga, amaupuntha, kuusefa ndi kuulongedza m'magulu atatu. Asanaganize za dzina lililonse, ayenera kulemba papepala chimene chikusiyanitsa magulu akewo, ndipo chikhale chinthu choyezeka. Pa malonda a mpunga padziko lonse, muyeso wodziwika ndi kuchuluka kwa mpunga wosweka, ndipo njere kawirikawiri imawerengedwa kuti ndi yosweka ikachepera magawo atatu mwa anayi a utali wa njere yathunthu. Wamalonda wathu angaike malire motere: gulu lapansi lisapitirire magalamu 25 a wosweka pa magalamu 100 alionse, lapakati magalamu 15, lapamwamba magalamu 5. Kuyeza kwake n'kosavuta. Amatapa magalamu 100 m'thumba, kupatula njere zosweka ndi kuziika pa sikelo. Ngati sangathe kunena kusiyana kwa magulu awiri m'chiganizo chimodzi chotere, ndiye kuti ali ndi magulu awiri okha, ndipo palibe dzina limene lingabise zimenezo kwa nthawi yaitali.

Akatha apo asankhe makwerero. Maganizo oyamba amene amabwera ndi manambala: 1, 2 ndi 3. Pano pali misampha iwiri. Kumsika kwathu kuno katundu wa nambala wani ndiye wabwino koposa, pamene pa makompyuta aja nambala yaikulu ndiyo yapamwamba, kotero ogula ena adzawerenga makwererowo chozondoka. Msampha wachiwiri ndi wakuti pa paketi pali kale nambala ina, ya kulemera. Munthu akatumidwa kuti akagule mpunga wa 2, wogulitsa sangadziwe ngati akunena gulu lachiwiri kapena makilogalamu awiri. Chifukwa cha ichi, kukula kwa paketi kusalowe m'dzina la gulu. Kulembedwe pakokha, pamalo amodzimodzi pa mapaketi onse.

Maganizo achiwiri ndi kunena chilungamo mosapsatira: Wotchipa, Wapakati, Wapamwamba. Ndondomeko yake ndi yomveka, koma dzina loyambalo likuchititsa manyazi amene akuligula. Palibe amene amafuna kuima pamzere wolipirira atanyamula paketi yolengeza kuti m'thumba mwake muli zochepa, chonsecho gulu lapansi ndi limene nthawi zambiri limatuluka lochuluka. N'chifukwa chake makampani amafunira gululi dzina laulemu. Phukusi lina lotsika mtengo la DStv limatchedwa Access, kutanthauza khomo lolowera, pamene lapamwamba ndi Premium.

Njira yachitatu ndi kutenga makwerero amene ali kale m'miyoyo ya ogula. Kwa Amalawi ambiri, mpunga uli ndi nthawi zake: pali wodya pakhomo masiku wamba, pali wophikira mlendo, ndiponso pali wa tsiku lalikulu monga ukwati kapena Khirisimasi. Wamalonda wathu angatche magulu ake Wapakhomo, Wamlendo ndi Waphwando. Mawu onsewa akuyankha funso limodzi, lakuti mpungawu ndi wa nthawi yanji, ndipo aliyense akudziwa kuti mlendo timamupatsa chabwino kuposa chimene timadya tokha. Palibe dzina lonyoza, ndipo onse ndi aafupi moti mwana wotumidwa ku golosale sangawaiwale panjira. Pofuna kuthandiza amene amavutika kuwerenga, pansi pa dzina aikepo nyenyezi imodzi, ziwiri kapena zitatu, monga zimakhalira ndi mahotela, kenako mzere umodzi wonena kuchuluka kwa wosweka. Dzina la banja likhale pamwamba, m'malembo ofanana pa mapaketi onse.

Asanalipire ndalama zosindikizira mapaketi, ayese mayinawo. Alembe dzina lililonse pa kakhadi kake, popanda mtengo, nyenyezi kapena chithunzi. Asakanize makadiwo n'kuwapereka kwa anthu makumi awiri amene amaguladi mpunga, osati abale ake kapena antchito ake amene akudziwa kale yankho. Aliyense awapemphe kuti awasanje kuyambira wotsika mtengo kufika wokwera. Ngati anthu oposa anayi asokoneza ndondomeko, mayinawo akufunika kukonzedwa, ndipo aonetsetse kuti ndi awiri ati amene akusinthanitsidwa. Mwachitsanzo, ngati ambiri aika Wamlendo pamwamba pa Waphwando, vuto lili pa mawu awiriwo, osati pa makwerero onse, ndipo Waukwati akhoza kulowa m'malo mwa Waphwando. Yeso lachiwiri ndi la khutu: atchule mayinawo pa foni kwa wogulitsa m'sitolo yaphokoso, aone ngati akuwamva mosiyana. Mayina ofanana kamvekedwe amabweretsa maoda olakwika.

Katundu akafika pamsika, zizindikiro za mayina olephera zimaoneka msanga. Ogula amafunsa kawirikawiri kuti kusiyana kwake n'kotani. Ogulitsa amasiya mayina a pa paketi n'kuyamba kunena kuti wofiira uja kapena wodula uja. Oda ya gulu lina imabwezedwa chifukwa mwini sitolo ankafuna gulu lina. Gulu lapakati likaima osayenda pamene awiri enawo akutuluka, nthawi zambiri ndiye kuti ogula sakuona chimene akulipirira ndalama yoonjezerayo. Ngati Wapakhomo ali pa K6,000 ndipo Wamlendo ali pa K7,500, paketi iyenera kuonetsa poyera chimene K1,500 yapamwambayo ikugula.

Chiopsezo chachikulu chimabwera bizinesi ikayamba kukula. Wamalonda amafuna kuonjezera gulu lachinayi, ndipo njira yachidule ndi kumata mawu ena pa dzina lakale, monga Wamlendo Wapadera. Tsopano wogula sakudziwanso ngati ameneyu ali pansi kapena pamwamba pa Waphwando, ndipo makwerero athyoka. Asanaonjezere gulu, adzifunse ngati katundu watsopanoyo alidi sitepe ina pa muyeso womwewo wa wosweka. Ngati ndi mtundu wina wa mpunga, monga Faya, umenewo si sitepe ayi koma banja lina, loyenera kukhala ndi makwerero akeake a Wapakhomo, Wamlendo ndi Waphwando.

Pali zinthu ziwiri zamalamulo zoyenera kukumbukira. Chimene wamalonda angalembetse ku boma ngati chizindikiro chake ndi dzina la banja, chifukwa mawu ongofotokoza ubwino wa katundu, monga wapamwamba, munthu sangawatsekere anzake. Kachiwiri, zolembedwa pa paketi ndi lonjezo. Chaka cha zokolola zochepa pamakhala chiyeso chothira mpunga wa gulu lapakati m'paketi ya gulu lapamwamba. Kuchita zotere ndi kunamiza ogula, nkhani imene bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo ake. Ngakhale wina asadandaule, mayi amene waphikira apongozi ake Waphwando n'kupeza wadzaza zosweka sadzakhulupiriranso dzinalo, ndipo mayina ena awiri aja amagwera limodzi. Ngati mpunga wofika pa muyeso wa magalamu 5 wasowa, paketi ya nyenyezi zitatu ichoke kaye pa shelefu mpaka utapezekanso.