Mwayi umodzi mwa 13,983,816: kuwerengera Lotto pa pepala limodzi

Pamene mpikisano wa National Lottery unkayamba ku Britain mu 1994, malamulo ake anali osavuta kumva: munthu asankhe manambala 6 pakati pa 1 ndi 49, ndipo akafanana onse ndi amene makina atulutsa, mphoto yaikulu ndi yake. Nyuzipepala zinkanena kuti mwayi wopambana ndi umodzi mwa pafupifupi 14 miliyoni. Nambala yeniyeni ndi 13,983,816, ndipo aliyense wodziwa kuchulukitsa ndi kugawa angathe kuipeza ndi pensulo pa kapepala kamodzi.

Funso lake ndi ili: pa zinthu 49, pali njira zingati zosankhira 6, posasamala kuti chayamba kusankhidwa ndi chiti? Akatswiri a masamu amalemba yankho lake kuti C(49, 6), ndipo pa kalikuleta ya kusekondale ndi batani lija lolembedwa nCr. M'mabuku lamulo lake limaoneka chonchi:

C(n, k) = n! ÷ (k! × (n − k)!)

Kachizindikiro kofuula kaja ndi fakitoriyo, kamene Christian Kramp wa ku France anayamba kukagwiritsa ntchito mu 1808. Tanthauzo lake ndi kuchulukitsa manambala onse kuchokera pa nambalayo kutsika mpaka 1. Motero 6! ndi 6 × 5 × 4 × 3 × 2 × 1, zomwe ndi 720. Vuto ndi loti fakitoriyo imakula mwaliwiro loopsa. 10! yadutsa kale 3 miliyoni, pamene 49! ndi chinambala cha madijiti 63. Makalikuleta ambiri a kusukulu amalekezera pa 69!, ndipo munthu akayesa 70! amangomulembera Math ERROR. Wotsatira lamuloli monga lalembedwera, nayamba kuwerengera 49! pamanja, adzatha tsiku lonse pa ntchito imene mbali yake yaikulu adzaitaya pomaliza.

Adzaitaya chifukwa 49! yabereka 43! kumsana. Ikalembedwa motambasula ndi 49 × 48 × 47 × 46 × 45 × 44, kenako 43 × 42 × 41 mpaka 1. Mchira wonse woyambira pa 43 uli pamwamba pa mzere wogawira, ndipo uli pansinso. Kuchulukitsa ndi chinthu kenako n'kugawa ndi chomwecho sikusintha kanthu, choncho michira iwiriyo imafafanizidwa isanawerengeredwe n'komwe. Chotsala ndi ichi:

(49 × 48 × 47 × 46 × 45 × 44) ÷ (6 × 5 × 4 × 3 × 2 × 1)

Mzerewu uli ndi nzeru yake ngakhale kwa amene sanamvepo za fakitoriyo. Mpira woyamba kutuluka m'makina ungakhale uliwonse mwa 49, wachiwiri mwa 48 yotsala, mpaka wachisanu ndi chimodzi mwa 44. Koma tikiti siisamala kuti mpira uti unatsogola, ndipo manambala 6 omwewo angatuluke m'ndondomeko 720 zosiyana. N'chifukwa chake pansi pali 720. Lamuloli si la dzulo: katswiri wa ku India, Mahavira, analifotokoza cha m'ma 850, zaka pafupifupi 800 Blaise Pascal asanalembe za manambala omwewa.

Pofika apa ambiri amathamangira kuchulukitsa zapamwamba zonse, n'kupeza 10,068,347,520, kenako n'kuyamba kulimbana ndi kugawa ndi 720. Yankho limatuluka ndithu, koma ndi thukuta losafunika. Chanzeru ndi kupitiriza kufafaniza. Pansi pali 6, 4 ndi 2, ndipo 6 × 4 × 2 ndi 48 ndendende, ndiye zitatuzi zikupita pamodzi ndi 48 wapamwamba. Zatsala 5 ndi 3, zomwe zikupanga 15, ndipo 45 kugawa ndi 15 ndi 3. Pansi sipanatsale kanthu koma 1. Pamwamba pali 49 × 47 × 46 × 3 × 44. Tsopano 49 × 47 ndi 2,303. Kuchulukitsa ndi 46 ndi 105,938. Ndi 3 ndi 317,814. Ndi 44 ndi 13,983,816.

Njira si imodzi. Wina angagawe 48 ndi 6 n'kutsala 8, 44 ndi 4 n'kutsala 11, 46 ndi 2 n'kutsala 23, ndipo adzafika pa nambala yomweyo. Chosasintha ndi chakuti pansi payenera kutha psiti. Yankho likuwerenga magulu a zinthu, ndipo palibe gulu latheka. Munthu akatsala ndi nambala pansi yokana kulowa paliponse, aiphwanye kaye, monga 6 kukhala 2 × 3, n'kufunira chidutswa chilichonse malo ake. Ikakanabe, ndiye kuti walakwitsa penapake m'mbuyomo.

Zolakwa zofala ndi ziwiri. Choyamba ndi kutsika mopitirira, kulemba mpaka 43 chifukwa 49 kuchotsa 6 ndi 43. Mankhwala ake ndi kuwerenga ndi chala: manambala apamwamba akhale ochuluka mofanana ndi apansi, 6 kwa 6. Chachiwiri ndi chobisika kwambiri. Munthu amaona kuti 3 akulowa mu 48 komanso mu 45, n'kugawa onse awiri, pamene pansi pali 3 mmodzi yekha. Yankho limatuluka 4,661,272, nambala yathunthu yooneka bwino, koma yochepa katatu. Nambala iliyonse yapansi imagwira ntchito kamodzi, ndipo ndi bwino kuikhwatcha nthawi yomweyo ikangogwiritsidwa ntchito.

Pofuna kutsimikiza, pali njira yachiwiri yoyenda sitepe imodziimodzi, kuchulukitsa kenako kugawa. Kuyamba ndi 49. Kuchulukitsa ndi 48 n'kugawa ndi 2 kukupereka 1,176. Ndi 47 n'kugawa ndi 3 ndi 18,424. Ndi 46 n'kugawa ndi 4 ndi 211,876. Ndi 45 n'kugawa ndi 5 ndi 1,906,884. Ndi 44 n'kugawa ndi 6 ndi 13,983,816. Kukoma kwake n'kwakuti pa sitepe iliyonse kugawako kumatha popanda chotsala, chifukwa 1,176 ndi njira zosankhira 2 mwa 49, 18,424 ndi zosankhira 3, mpaka kumapeto. Chotsala chikaoneka, munthu amadziwa kuti cholakwa chalowa.

Nanga ngati zosankhidwazo ndi zambiri, monga 98 mwa 100? Palibe chifukwa cholembera manambala 98. Kusankha 98 oti apite n'chimodzimodzi kusankha awiri oti atsale, motero yankho ndi 100 × 99 kugawa ndi 2, lomwe ndi 4,950, ngakhale kuti 100! ikanaikanika kalikuleta. Njirayi imalemera pokhapokha zosankhidwa zikayandikira theka la zonse. Mphunzitsi wa mpira wosankha 11 mwa osewera 23 sangathawe manambala 11 pamwamba ndi 11 pansi, ndipo akapirira adzapeza 1,352,078.

Mu Okutobala 2015 oyendetsa mpikisano wa ku Britain uja anawonjezera mipira kufika 59. Kwa wogula tikiti, mipira 10 yowonjezera inkaoneka ngati nkhani yaing'ono. Pa pepala, pamwamba pakubwera 59 × 58 × 57 × 56 × 55 × 54, ndipo nthawi ino nambala iliyonse yapansi ili ndi mnzake woiyembekezera: 58 ndi 2, 57 ndi 3, 56 ndi 4, 55 ndi 5, 54 ndi 6. Zotsala ndi 59 × 29 × 19 × 14 × 11 × 9, zomwe ndi 45,057,474. Kupata mphoto yaikulu kunavuta kuposa katatu poyerekeza ndi kale.