Kupempha ntchito ina kwa amene wakana kale

Kalata yokana munthu ntchito kawirikawiri imanena kuti iye sakugwirizana ndi zomwe zikufunika pa udindo womwe unalengezedwa. Chigamulochi chimakhudza udindo umodzi wokhawo, ndipo n'chifukwa chake wofunsira akhoza kupempha kuti amuganizire pa ntchito ina pamalo omwewo. Pempholi limaphula kanthu pokhapokha ngati chifukwa chokanidwira sichikhudzanso ntchito yachiwiriyo.

Choyamba, tsono, ndi kumvetsa chomwe chinalephereka. Ngati munthu wakanidwa chifukwa alibe pepala linalake la maphunziro, kapena zaka zomwe wagwira ntchito n'zochepa, mpata ulipo, pakuti udindo wina sungafune zimenezo. Koma ngati anapezeka kuti ananama pa mbiri yake ya ntchito, kapena abwana ake akale sanamuchitire umboni wabwino, vutolo limamutsatira m'dipatimenti iliyonse, ndipo kupempha n'kungotaya nthawi. Makalata ambiri satchula chifukwa. Apo munthu amayang'ana pomwe anafika: wogwa pa intavyu yomaliza amadziwika kale ndipo anali m'gulu la osankhidwa, pamene wokanidwa asanaitanidwe n'komwe ali ngati mlendo aliyense.

N'kofunikanso kudziwa kuti wolemba anthuyo ndi wotani. Wa mu ofesi yoona za ogwira ntchito pa kampani amadziwa mipata ya kampani yake yokha, ngakhale yomwe sinalengezedwe, koma mawu omaliza amakhala ndi mkulu wa dipatimenti yomwe ikufuna munthu. Wa kampani yopezera ena antchito amatumikira mabwana ambiri, ndipo nthawi zambiri amalandira ndalama munthu akalembedwa, choncho wofunsira wabwino safuna kumutaya. Ndalamazo zimachokera kwa olemba ntchito. Ku Britain lamulo la 1973 limaletsa makampani otere kulipiritsa ofuna ntchito, kupatula m'ntchito zochepa monga za zisudzo, ndipo kulikonse wopempha kangachepe kuti asunthe dzina la munthu ayenera kukayikiridwa. M'boma ndi m'mabungwe akuluakulu zinthu n'zosiyana: udindo uliwonse uli ndi chilengezo chake, ndipo dzina silingangochotsedwa pa mndandanda wina n'kuikidwa pa wina. Kumeneko yankho labwino kwambiri limakhala lakuti munthuyo afunsirenso.

Chitsanzo ndi mayi yemwe wafunsira ntchito ya akauntanti pa kampani yogulitsa katundu wambiri. Wafika pa intavyu yachiwiri, koma auzidwa kuti akufuna munthu womaliza mayeso a ACCA, pamene iye ali ndi dipuloma ndi zaka zinayi zolondola ngongole za makasitomala. Kampani yomweyo yalengezanso ntchito ya wotolera ngongole. Pasanathe masiku awiri kapena atatu, nkhope yake isanaiwalike, amayankha pa imelo yomwe inabweretsa uthenga wokanawo, kuti mbiri yonse ioneke pamodzi. Amalemba motere: “Zikomo pondidziwitsa za chigamulo chanu, ndipo ndachilandira. Ndaona kuti mukufunanso wotolera ngongole. Ntchito imeneyi ndaigwira zaka zinayi, monga tinakambirana pa intavyu. Kodi n'kotheka kundiganizira pa udindo umenewu, kapena ndifunsire mwatsopano?”

Mphamvu ya uthengawu ili pa zinthu zing'onozing'ono. Sukutsutsa chigamulo, motero woulandira sayamba kudziteteza. Ukutchula udindo weniweni, ndipo umboni wake ndi womwe kampaniyo yaumva kale. Funso lomalizalo limapatsa woyankha njira yosavuta, ngakhale atakhala kuti alibe mphamvu zosuntha dzina. Mayiyo amatumizanso mbiri yake ya ntchito yokonzedwanso, za ngongole zili pamwamba, chifukwa yoyamba ija inalembedwa ndi cholinga china.

Chomwe chimawononga mapempho ambiri ndi mawu akuti “ntchito iliyonse yomwe ilipo ndigwira”. Wolemba amaona ngati akudzichepetsa, koma wowerenga amangoona munthu yemwe wamusenzetsa katundu womusakira malo. Kupempha udindo wotsika kwambiri kumadzetsanso nkhawa yakuti munthuyo adzachoka akangopeza pabwino, ndiye ndi bwino kufotokoza m'chiganizo chimodzi chifukwa chake akuufuna. Kulumpha wolemba anthuyo n'kukadandaula kwa akuluakulu ake kumatseka ngakhale mipata ya m'tsogolo.

Ngati palibe udindo wina wolengezedwa, munthu amatchula mtundu wa ntchito yomwe akufuna, n'kunena momveka kuti akuloleza kusunga mapepala ake. Chilolezochi n'chofunika kwambiri m'maiko a malamulo okhwima oteteza mbiri za anthu, monga Britain ndi South Africa, kumene makampani ambiri amafufuta mapepala a okanidwa pakapita nthawi.

Yankho lotchula dzina la mkulu wa dipatimenti, tsiku, kapena lopempha mapepala ena limasonyeza kuti nkhani ikuyenda. Lakuti “tidzakukumbukirani” nthawi zambiri ndi ulemu chabe. Pakakhala zii, chikumbutso chimodzi pakatha sabata imodzi kapena ziwiri n'chokwanira, ndipo ntchito yachiwiriyo ikakhala ndi tsiku lotsekera, munthu amafunsira mwa njira yolengezedwa tsikulo lisanafike, osadikira yankho.